Momwe mungamangire felemu ya chimbudzi chopachika pakhoma

Pa chimbudzi chotere, pani, chokhalira chija, sifika pansi. Imapachikidwa pa mabawuti awiri a felemu yachitsulo, ndipo thanki yamadzi imabisika mkati mwa felemuyo. Mafelemu abwino amanyamula makilogalamu 400, koma pokhapokha agwire pa chinthu cholimba.

Choncho yambani ndi khoma. Nyumba zambiri kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu n'za njerwa zootcha zomangira dothi, simenti ili pa pulasitala pokha. Boolani pomwe njerwa zakumana muone chomwe chituluke. Likatuluka dothi lofiira, musadalire khomalo, chifukwa munthu akakhala, felemu imakoka mabawuti akumtunda ndipo pang'ono ndi pang'ono amazuka. Gumulani chigawo chimenecho mumangenso ndi simenti, kapena bawutiyo ibowole khoma lonse ikagwire chitsulo chafulati kuseri. Khoma la zidina ndiye musayese n'komwe. Miyendo ya felemu nayo iponde konkire, osati kasimenti kopyapyala kotsira pa dothi.

Pa miyeso ndi pomwe amisiri ambiri amaphonya. Felemu imakhala ndi chizindikiro cha mita imodzi, ndipo mitayo imawerengedwa kuchokera pamwamba pa matailosi, osati pa konkire yomwe mukuiona lero. Tinene kuti simenti yosalazira ndi matailosi zidzawonjezera masentimita 5. Ndiye kuti pakhoma mulembe mzere pa masentimita 105 kuchokera pa konkire, kenako mukweze miyendo ya felemu mpaka chizindikiro chifike pamzerewo. Mukaiwala, chimbudzi chidzatsika ndi masentimita 5 amenewo, mwina pani n'kugunda matailosi isanalowe pa mabawuti. Ikani levulo mbali zonse, kenako mangani.

Pa mafelemu ambiri, pakati pa paipi yotulutsa zoipa pamakhala masentimita pafupifupi 23 kuchokera pamwamba pa matailosi, koma tsatirani pepala la felemu yanu. Paipi ya mamilimita 110 yopita ku sepitiki thanki izitsika masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ngati bowo lakale lotulukira panja lili pamwamba kuposa pamenepa, boolani lina. Musakweze felemu pofuna kutsata bowo.

Musanalumikize madzi, tsegulani mpopi kanthawi kuti mchenga utuluke, makamaka ngati madzi anu ndi a pamjigo, poti mchenga umatseka valavu yodzazira thanki. Dzazani thankiyo igone usiku, m'mawa mupapase ndi pepala louma polumikizira paliponse. Mukatseka khoma, polowetsa dzanja padzatsala pa kabowo ka batani logejemulira basi.

Bolodi kapena njerwa zotsekera zigundane ndi felemu popanda mpata, apo ayi pani ikadzakanikiza, matailosi adzang'aluka m'munsi mwake. Pomaliza dulani mapaipi awiri olowa mu pani molingana ndi khoma, pakani mafuta ake pa malabala, ikani kansalu kotetezera pakati pa pani ndi matailosi, ndipo manati muwamange mosinthanasinthana, osalimbitsa mopyola poopa kuswa pani.