Mabelo akabwezedwa ku Chinkhoma: momwe kapitawo angayankhulire ndi wolakwitsa

Msika wa fodya ukatsegulidwa, foni imene kapitawo aliyense kuno ku Kasungu amaiopa ndi yochokera ku okushoni ku Chinkhoma yonena kuti mabelo abwezedwa chifukwa magiredi ndi osakanikira. Ndalama ya thiransipoti yapita, belo liyenera kumasulidwa, kusankhidwanso ndi kudindidwanso, ndipo mwini esiteti akufuna dzina la amene walakwitsa. Ine zinandionekera chaka china: pa mabelo 20 amene tinatumiza, 4 anabwerera, ndipo onse anachokera pa tebulo la mayi mmodzi amene anali atasankha fodya nafe nyengo zitatu popanda vuto.

Akatswiri a zamaganizo Peter Salovey ndi John Mayer analemba mu 1990 za luso lozindikira zimene zikuchitika mumtima mwako ndi mwa mnzako, n'kuzigwiritsa ntchito posankha zochita. Kwa kapitawo, luso limeneli limayesedwa pa ola loyamba foni ija ikadulidwa. Nazi zoyenera kuchita, motsatana kwake.

Choyamba, musapite ku shedi mtima uli m'mwamba. Thupi limakuuzani lokha: khosi limauma, mapazi amafulumira, ndipo m'mutu mumakhala mutayamba kale kukonza mawu olasa. Mukaona zimenezi khalani pansi ndipo mudzifunse kuti chakuwawani kwenikweni n'chiyani. Tsiku lija ndinkati ndakwiyira mayiyo, koma zoona zake ndinkachita manyazi chifukwa bwana anali atandikalipira pa foni dalaivala akumva, komanso ndinkaopa kuti bonasi yanga yapita. Manyazi ndi mantha amenewa anali anga, osati a wosankha fodya. Mukapanda kuwatchula mayina, mumakawatula pa munthu woyamba kukumana naye, ndipo kawirikawiri amakhala amene sangakuyankheni. Ngati n'kotheka lolani nkhaniyo igone. Belo lobwezedwa silithawa.

Chachiwiri, onani fodyayo musanaone munthu. Masulani belo limodzi pa kuwala, mutenge masamba angapo m'manja. Kusakaniza kuli mitundu. Ngati masamba aafupi alowa m'gulu la aatali, kapena a pansi pa mtengo asakanikira ndi a pamwamba, nthawi zambiri ndi changu kapena kusasamala. Ngati utali uli bwino koma mtundu ndiwo wasokonekera, wofiirira kwambiri kulowa m'gulu la wowala, kayikirani maso a munthuyo kapena kuwala kwa pamene akugwirira. Ngati mwapezeka ulusi wa matumba, mapulasitiki kapena nthenga za nkhuku, vuto likhoza kukhala la pansi pa shedi kapena la odinda pa jeke, wosankha n'kukhala alibe mlandu. Tsegulaninso kope la ntchito muone masiku amene mabelowo anasankhidwa, ndi chimene chinasintha masiku amenewo.

Apa m'pamene ine ndinadzigwira ndekha. Mabelo anayi aja onse anali olakwika mtundu, ndipo anasankhidwa sabata imene ndinalamula kuti aliyense aziweruka pokhapokha akamaliza mulu wake, chifukwa lole inali itatsala pang'ono kubwera. Anthu ankasankha mpaka dzuwa kulowa. Sabata yomweyo ndinali nditasunthira tebulo la mayiyo kumapeto kwa shedi, kumene chigafa chimatchinga dzuwa la madzulo. Funso loti "kodi ine ndaikapo chiyani pa vutoli?" ndi lowawa, koma liyenera kuyankhidwa musanaitane munthu, chifukwa mukalizindikira mutakalipa kale, kubweza mawu kumavuta.

Chachitatu, itanani munthuyo pambali, ndipo musamutumizire mwana wofuula dzina lake pakati pa anzake. Pitani nokha, mumuuze chapansipansi kuti mukufuna kucheza naye nthawi yopuma. Mupatseni pokhala. Ngati ndi mayi ndipo inu ndinu bambo, khalani poonekera koma posamveka, monga pansi pa mtengo pafupi ndi shedi, kuti pasabuke nkhani ina. Yambani ndi moni monga mwa nthawi zonse, kenaka nenani chimene chachitika, osati chimene munthuyo ali. Mawu akuti "mwayamba ulesi" amatseka pakamwa. Ine ndinati, "Mayi, mabelo anayi a pa tebulo lanu abwezedwa, mtundu unasakanikira. Zaka zonsezi sizinachitikepo. Tandiuzani, chinavuta n'chiyani sabata ija?"

Mukafunsa, khalani chete. Ichi ndiye chovuta kwa ife ozolowera kulamula. Kwathu kuno wantchito amayamba ndi "pepani bwana, ndalakwa" ngakhale asanamve mlandu wonse, ndipo kapitawo waphuma amatenga mawu amenewa ngati kuvomera. Kumeneko ndi kupereka ulemu chabe. Mayiyo anayang'ana pansi nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya chitenje, kenaka anati, "Akapitawo, kukamada sindikumaona bwino mitundu. Ndimaopa kunena, mwina mungandichotse." Bwerezani zimene mwamva m'mawu anuanu kuti atsimikize kuti mwamvetsa, ndipo ngati mbali ina ndi yanu ivomereni pomwepo. Ndinawauza kuti tebulo ndinasuntha ndine, ndipo lamulo logwira mpaka mdima linalinso langa.

Chachinayi, gamulani. Ena amaganiza kuti kumvetsa mnzako ndi kungomusiya, koma wogula ku okushoni safunsa za maso a munthu. Muyezo wa giredi usatsike; chosintha ndi njira yofikira pa muyezowo. Tinagwirizana zinthu zitatu: tebulo libwerere pafupi ndi khomo, kusankha mitundu kuzitha 4 koloko ndipo nthawi yotsalayo izikhala yomanga ndi kusesa, komanso mayiyo apite kuchipatala cha boma akapimitse maso. Kwa sabata ziwiri ndinkatsegula ndekha mulu umodzi wa pa tebulo lawo tsiku lililonse, ndipo ndinawauziratu kuti ndizitero kuti asaone ngati ndikuwasaka. Lamulo la 4 koloko ndinalilengeza kwa onse ngati kukonza kulakwitsa kwanga, osatchula za maso a munthu. Chimene wakuuzani pambali chikamveka ku shedi, palibenso adzakuuzeni zoona.

Nanga zikapezeka kuti munthuyo anangotayirira, kapena wabwereza mutakonza zonse? Pamenepo chilango chilipo, koma chitsate njira. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limalola chenjezo lolemba, kuimitsa kaye ntchito kapena kutsitsa udindo, ndipo limati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Kapitawo wothamangitsa munthu ndi mkwiyo pakhomo la shedi amakakumana ndi nkhani yomweyo ku ofesi ya leba kapena kukhoti la nkhani za ntchito. Lembani tsiku, chimene chinalakwika, zimene munthuyo anayankha ndi zimene mwagwirizana, nonse musainire.

Mudzadziwa kuti kucheza kuja sikunayende bwino ngati munthuyo wangovomera zonse mwachangu, mawa lake n'kuyamba kukuzembani, kapena ngati shedi yonse imati zii inu mukangolowa. Zikatero bwererani kwa iye pakapita masiku awiri mukafunsenso modekha. Chizindikiro chabwino ndi chaching'ono: kwa ine chinabwera Lachinayi lotsatira, pamene mayi uja anandiitana yekha, masamba awiri ali m'manja, n'kufunsa kuti, "Akapitawo, awa ndiike kuti? Akundikayikitsa."