Mmene ndinasiyira fodya pa msika wa ku Ulongwe

Ndimagulitsa mbatatesi ku Ulongwe, m'boma la Angonia. Ndinkasuta ndudu 15 pa tsiku, makamaka masana makasitomala akachepa. Kawiri konse ndinalephera kusiya, chifukwa wogulitsa ndudu imodziimodzi amakhala pafupi ndi benchi langa.

Achimwene ogulitsa tomato anati, "Ndalama za fodyazo muzindipatsa m'mawa, ndizikusungirani." Ndinavomera. Chibaba chikandigwira, ankandipatsa mtedza wokazinga n'kundituma kukatunga madzi. Chibabacho chimatha pakapita mphindi zochepa, bola manja akhale ndi chochita.

Tsiku lachitatu linali lowawitsitsa: mutu kupweteka, tulo osabwera, ndinakalipira kasitomala wosalakwa. Achimwenewo anakandipepesera. Patatha milungu inayi anandibwezera ndalama zonse, ndinaonjezera thumba la mbatatesi.