Mmene mungapezere ndi kuphatikiza mafoda amapasa pa Linux musanawakopere pa Windows

Pa Linux, `Mtedza` ndi `mtedza` ndi mafoda awiri osiyana, ndipo atha kukhala pamalo amodzi popanda vuto. Windows imasunga zilembo zazikulu ndi zazing'ono monga mwazilembera, koma pofufuza dzina siizisiyanitsa, choncho kwa iyo mayina awiriwa ndi foda imodzi. Mafulashi ambiri nawonso, omwe amasunga mafayilo m'njira zotchedwa FAT32 ndi exFAT, amatsata khalidwe la Windows ngakhale mutawalowetsa pa kompyuta ya Linux.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ya alimi ku Mchinji imasunga kaundula wa zokolola pa kompyuta ya Ubuntu, womwe ndi mtundu wina wa Linux. Mlembi wina anatsegula `Mtedza`, mnzake osadziwa n'kutsegula `mtedza`, ndipo monsemo muli fayilo ya `2024.xlsx`, koma ziwerengero zake n'zosiyana. Tsiku lokopera zonse pa fulashi kapena pa Windows, mafoda aja amasanduka imodzi. Kompyuta imafunsa ngati fayilo yachiwiri ilowe m'malo mwa yoyamba, ndipo munthu wofulumira akangovomera, ntchito ya mlembi mmodzi yafufutika pa kopeyo. Lamulo lokopera mafayilo pa Linux la `cp` ndiye silifunsa n'komwe.

Musanakope, tsegulani Terminal, pulogalamu yolemberamo malamulo, mu foda yaikulu n'kulemba:

```
find . | sort -f | uniq -Di
```

Lamuloli limaonetsa mayina onse osiyana pa kukula kwa zilembo kokha. Likapanda kuonetsa kanthu, kopani mosadandaula.

Amapasa akapezeka, yambani mwasunga kope la zonse pa Linux pomwepo, osati pa fulashi. Kenako afananizeni:

```
diff -rq Mtedza mtedza
```

Mzere woyamba ndi `Only in` ukutanthauza kuti fayiloyo ili mbali imodzi yokha. Wothera ndi `differ` ndiwo wofunika maso: dzina ndi limodzi koma zam'kati n'zosiyana. Apa musadalire tsiku la fayilo lokha, chifukwa yatsopano si nthawi zonse yomwe ili ndi ziwerengero zokwanira. Tsegulani onse awiri pamodzi ndi alembi ake, ndipo ngati onse akufunika, sinthani dzina la imodzi, mwachitsanzo `2024-b.xlsx`.

Tsopano samutsani:

```
mv -n mtedza/* Mtedza/
rmdir mtedza
```

Chizindikiro cha `-n` chimaletsa kufufuta fayilo yomwe ilipo kale. `rmdir` imachotsa foda yopanda kanthu yokha, ndiye ikakana dziwani kuti mwatsala zinthu. Onani ndi `ls -A mtedza`. Kawirikawiri amakhala mafayilo ofanana mayina, mafoda am'kati omwe ali mbali zonse ziwiri, kapena mafayilo obisika oyamba ndi kadontho, omwe nyenyezi ya `*` ija siiwatola. Amenewa asamutseni pamanja.

Mukamaliza bwerezani lamulo loyamba lija. Pa ofesi gwirizanani kuti mayina a mafoda atsopano azilembedwa ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, chifukwa Linux sidzakuchenjezani wina akatsegulanso `MTEDZA`.