Mswachi wolimba ukudya nkhama zanu

Ambiri mwa ife tikamagula mswachi timasankha wolimba, poganiza kuti ndiwo uyeretse mano komanso ukhalitse. Koma litsiro lomwe timalimbana nalo m'kamwa ndi lofewa kwambiri. Ndi lija lonanda, loyererako, lomwe mumatha kulipala ndi chikhadabo m'mphepete mwa nkhama mukadzuka m'mawa. Limachoka ndi mswachi wofewa popanda mphamvu. Likakhalitsa n'kuuma kukhala ngati mwala, palibe mswachi womwe ungalichotse, kaya wolimba kaya wamagetsi. Limenelo amapala ndi a chipatala cha mano basi. Choncho kukhula mano mwamphamvu sikuwonjezera ukhondo, kumangowononga.

Taganizirani bambo wa zaka 40 yemwe amagwira mswachi wolimba ndi dzanja lamanja, ataufumbata, n'kumaukoka cham'mbali uku ndi uku ngati akucheka thabwa. Akadziyang'ana pa galasi apeza kuti mano a kumanzere, makamaka dzino losongoka lija ndi awiri oyandikana nalo cham'kati, akuoneka aatali kuposa anzake. Sikuti akula ayi, nkhama ndi zomwe zabwerera m'mbuyo. Mbali ya kumanzere ndiyo imavutika kawirikawiri chifukwa dzanja lamanja limafikako ndi mphamvu zonse. Pomwe nkhama yachoka pamaoneka pachikasu, chifukwa muzu wa dzino ulibe chikuto cholimba choyera chija. Mswachi ukapitiriza kudutsa pamenepo umakumba kamphako komwe chikhadabo chimakodwamo, ndipo bamboyu akamwa madzi ozizira dzino limalasa. Akamaviikanso mswachiwo m'makala osinja, phulusa kapena mchere, kamphakoko kamakula msanga. Chondimvetsa chisoni n'chakuti nkhama ikabwerera simeranso yokha. Chomwe angachite n'kuletsa kuti vutolo lisapitirire, ndi kupita kuchipatala kuti akaone ngati palibenso matenda a chiseyeye.

Nanga mphamvu yoyenera ndi yotani? Ofufuza a pa yunivesite ya Newcastle ku Britain anapeza mu 2003 kuti mukapitirira magalamu pafupifupi 150, kulemera kwa lalanje limodzi, simuchotsanso litsiro lochuluka. Ngati muli ndi sikelo yaing'ono ya kukhitchini, kanikizani mswachi pamenepo mpaka ifike 150. Mudabwa kupepuka kwake. Opanda sikelo ayang'ane mswachi wawo. Ubweya wake ukaphwasuka n'kuloza kumbali mwezi umodzi usanathe, dzanja likulemera, chifukwa mswachi wogwiritsidwa bwino umafika miyezi 3.

Gulani wa ubweya wofewa, wa mutu waung'ono. Ugwireni ndi nsonga za zala monga mugwirira cholembera. Upendeketseni madigiri 45 kuti ubweya uloze pomwe dzino lakumana ndi nkhama, ndipo muziugwedeza pang'onopang'ono pa mano awiri kapena atatu musanasunthe. Tsukani kunja, m'kati ndi potafunira, kwa mphindi 2, kawiri pa tsiku, ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fuloraidi, yemwe amalimbitsa mano. Mukamaliza lavulani, musachukuche ndi madzi. Mukangodya malambe kapena zina zowawasa dikirani mphindi 30 musanatsuke, popeza mano amakhala atafewako pamwamba.

Pali cholakwika china chomwe ndimachiona kawirikawiri. Munthu akaona magazi polavula amaleka kutsuka pamalopo, poopa kuti akudzivulaza. Nthawi zambiri magaziwo amabwera chifukwa litsiro latupitsa nkhama. Pitirizani kutsuka pamenepo mofatsa tsiku lililonse. Pakatha masabata awiri magazi akadali kutuluka, kapena dzino likugwedera, kaonaneni ndi dokotala wa mano.

Tsono za mswachi wamagetsi. Bungwe loona za kafukufuku wa zaumoyo la Cochrane litaunika kafukufuku wambiri mu 2014, linapeza kuti pakadutsa miyezi 3 ougwiritsa ntchito amakhala ndi litsiro lochepa ndi 21 pa 100 alionse, ndipo kutupa kwa nkhama kumachepa ndi 11 pa 100, poyerekeza ndi a mswachi wamanja. Phindu lilipodi, koma si lalikulu moti mudzione otsalira ngati mulibe. Umathandiza kwambiri okalamba, odwala nyamakazi ya m'manja, opuwala dzanja, ndi omwe anaikidwa mawaya owongola mano. Kwa munthu wa dzanja lolemera ngati bambo uja, wabwino ndi wokhala ndi kachipangizo kochenjeza, komwe kamayatsa nyali kapena kuchepetsa liwiro mukakanikiza kwambiri. Wamagetsi sakhulira. Mumangoukhazika pa dzino kwa masekondi angapo, n'kusunthira pa lina. Musanagule, funsani ngati mitu yake yosinthira ikupezeka pafupi komanso pa mtengo wanji, chifukwa nayonso imasinthidwa miyezi 3 iliyonse. Ngati siikupezeka, ndalamazo muguliretu miswachi yofewa ya banja lonse ya chaka chathunthu.