Kulumikiza kachidole mu Synfig Studio

"Ndajambula kachidole, koma ndikati ndikweze mkono thupi lonse likutembenuka. Nditani?"

Yambani mwakadula. Mu pulogalamu yojambulira ya Krita sungani thupi, mutu, mikono iwiri ndi milomo itatu (yotseka, yoyasama, yozungulira) pachokhapachokha ngati PNG yopanda mtundu kumbuyo. Mkono muutalikitse pang'ono kuphewa kuti pasaoneke mpata ukamazungulira.

Mu Synfig Studio, pulogalamu yoyendetsera zithunzi, lowetsani zidutswazo ndi `File > Import`, ndipo chilichonse muchiike m'gulu lake ndi `Group Layer`.

Apa ndiye pagona nkhani. Sankhani gulu la mkono, gwirani `Ctrl`, kokerani kadontho kobiriwira mpaka paphewa. Mukatero zunguzani ndi kadontho kabuluu. Mkono ukamazungulira ngati muvi wa wotchi kuchokera pachigongono, ndiye kuti kobiriwirako sikanafike pamalo. Ka mutu kakhale pakhosi.

Milomo itatu ija iphatikizeni mu `Switch`, muzisankha woti uoneke pa `Active Layer Name`. `Switch` ameneyu mumuike mkati mwa gulu la mutu, apo ayi mutu ukawerama pakamwa patsala m'malere.

Musanayambe kuyendetsa, dinani kamunthu kobiriwira m'munsimo kafiire.