Momwe mungawerengere nambala ya dzina lanu ndi ya wokondedwa wanu

Okhulupirira nyumeroloje, kumasulira khalidwe la munthu pogwiritsa ntchito manambala, amati dzina la munthu lili ndi manambala angapo, koma pano tiona awiri akuluakulu. Ina ndi nambala ya dzina lonse, yomwe akuti imasonyeza luso ndi machitidwe ako pamaso pa anthu. Inayo ndi ya khumbo la mtima, yoloza zomwe umalakalaka mumtima. Kuno ku Kasungu ndaona achinyamata akuwerengerana zimenezi pa foni, koma ambiri amaphonya masamu chifukwa malamulo ake anakonzedwera mayina achizungu.

Choyamba lembani dzina lonse la pobadwa, osati losereula kapena la kubanja kumene munakwatiwa. Kenako patsani chilembo chilichonse nambala yake, potsata ndondomeko yotchedwa ya Pythagoras:

1 = A J S, 2 = B K T, 3 = C L U, 4 = D M V, 5 = E N W, 6 = F O X, 7 = G P Y, 8 = H Q Z, 9 = I R

Tiyese ndi mayina ongopeka, Chikondi Banda ndi Yamikani Mwale. Dzina lililonse liwerengeni palokha. CHIKONDI ndi 3+8+9+2+6+5+4+9, zomwe zikukwana 46. Phatikizani 4 ndi 6 mupeze 10, ndipo 1+0 ndi 1. BANDA akupereka 13, kutanthauza 4. Tsono 1+4 ndi 5, nambala ya dzina lonse la Chikondi.

Pa khumbo la mtima mumatola mavawelo okha. Mwa Chikondi muli I, O, I, zomwe ndi 24, ndiye kuti 6. Ma A awiri a Banda ndi 2. Zonse pamodzi ndi 8.

Kwa Yamikani n'kumene kuli ntchito. Zilembo zake zikukwana 38, ndipo 3+8 ndi 11. Manambala 11, 22 ndi 33 amatengedwa ngati apadera, motero sachepetsedwa. MWALE ndi 18, ndiye kuti 9. Mukaphatikiza 11 ndi 9 mupeza 20, kutanthauza 2. Koma wina akaphatikiza zonse kamodzi, 38+18, apeza 56, yomwe imathera pa 11. Palibe walakwitsa pamenepa, njira zake n'zosiyana basi. Ine ndimatsata ya dzina lililonse palokha, ndipo chofunika n'chakuti njira yomwe mwasankha muigwiritse ntchito pa anthu onse awiri.

Chenjeraninso ndi Y. M'mayina ena achizungu amawerengedwa ngati vawelo, koma mwa Yamikani kapena Chiyembekezo ndi konsonanti. Mavawelo a Yamikani ndi A, I, A, I, omwe akukwana 20, ndiye kuti 2. A ndi E a Mwale ndi 6. Khumbo la mtima wake ndi 8. Mukamuika Y m'gulu la mavawelo yankho limatuluka 6, ndiye mwayamba kumasulira mtima wa munthu wina. Kachizindikiro ka mu Ng'oma kalibe nambala, ndipo Ŵ muwerengeni ngati W.

Nanga awiriwa ndi oyenerana? Anyumeroloje ambiri amaika manambala m'magulu atatu omwe amati amamvana mosavuta: 1, 5, 7, kenako 2, 4, 8, ndiponso 3, 6, 9. Chikondi ndi 5, Yamikani ndi 2, choncho sali gulu limodzi. Akuti wa 5 amakonda ufulu ndi kuyendayenda, ngati mayi wa geni amene lero ali pa Chinkhoma, mawa wawoloka pa Mchinji kukapikula katundu ku Chipata. Wa 2 amafuna mnzake akhale pafupi, azikambirana chilichonse. Ameneyu angamadzione wosiyidwa.

Pa khumbo la mtima onse ndi 8, nambala ya chuma ndi ulamuliro. Omasulira amati otere amamvana pa zofuna, onse amalota nyumba ya malata ndi bizinesi yokhazikika. Vuto limadza ndalama za fodya kapena soya zikalowa, pamene aliyense akufuna kuti chikwama chikhale m'manja mwake. Ambiri amalemekeza kwambiri nambala ya mumtimayi pa nkhani za chikondi kusiyana ndi inzake.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi munthu wothetsa chibwenzi chifukwa cha masamu amenewa. Palibe umboni wa sayansi woti zilembo za dzina zimaumba khalidwe. Taonani momwe timasinthanitsira L ndi R polemba: Tamala ndi Tamara ndi dzina limodzi pakamwa, koma L ndi 3 pamene R ndi 9, kotero loyambali likuthera pa 3, linalo pa 9. Nambala ya mtsikana ameneyu yadalira cholembera cha amene anamulemba m'kaundula. Ngati zomwe zatuluka zakukumbutsani nkhani yeniyeni, monga ya yemwe azisunga ndalama pakhomo, ikambiraneni awiri, ndipo ikakula pitani nayo kwa ankhoswe.