Malonda 14 amene anakakamira m'kamakina

Loweruka netiweki inathawa kuno ku Ulongwe, ku Mozambique, koma kamakina kolipirira ndi makadi a ku banki kanapitiriza kulandira malonda ang'onoang'ono, n'kumawasunga m'kati mwake. Lolemba ndinapeza kuti mametikali 6,200 sanalowe ku banki. Mtima unagunda.

Nditasindikiza lipoti la tsiku, malonda 14 anaoneka kuti akudikirabe. Mwana wanga anati tifafanize zonse tiyambirenso, ndinamukaniza, chifukwa ndalamazo zikanapita nazo limodzi. Vuto lenileni linali bandulo ya simu khadi ya m'kamakinako, inali itatha. Ndinagula ina, n'kuzimitsa kamakinako, n'kukayatsanso, ndipo malondawo anapita limodzilimodzi.

Amodzi banki inawakana, muakaunti ya mwini khadi munalibe ndalama. Popanda netiweki kamakina sikafunsa ku banki, choncho mametikali 350 amenewo ndinaluza ndine.